Zikho zitatu ndi dzina la mnzako

Mwana wanga, ndamva kuti unakwera basi kupita ku Lusaka kukaombedza ula wa makhadi a taroti chifukwa cha mnzako uja munakulira limodzi kuno ku Chongwe. Sindikukalipira. Mtima ukamawawa munthu amafunafuna pougoneka. Koma wabwerako ndi dzina la mnzako pamlomo, ukuti makhadi amugwira kuti ndi wansanje, ndipo pamenepo sindingakhale chete. Khala pansi tiwaone makhadiwo limodzi, chifukwa inenso ndimawadziwa.

Choyamba udziwe chimene chinali m'manja mwa mayi anakuombezera uja. Mpukutu wa taroti uli ndi makhadi 78. Mwa amenewa 22 ndi akuluakulu, ndipo 56 otsalawo agawidwa panayi: zikho, ndodo, malupanga ndi ndalama, 14 gulu lililonse. Anayambira kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera chabe, ndipo zoombezera nawo zinadzabwera mochedwa, ku France, cha m'ma 1780. Zithunzi zimene unaona iwe ndi za mpukutu umene unatuluka ku London mu 1909, wojambulidwa ndi mayi wina dzina lake Pamela Colman Smith motsogozedwa ndi Arthur Edward Waite. Ndikukuuza izi kuti usamachite mantha ndi pepala. Linajambulidwa ndi dzanja la munthu amene mnzakoyo sanamuonepo.

Oombeza amati zikho ndi gulu la madzi, ndiye kuti la mtima: chikondi, chibwenzi, chisoni, kukhulupirirana. Tsono iwe unapita ndi funso la mtima, nkhope itagwa. Pa makhadi 78 aja zikho zilipo 14, kotero kuti munthu akatola atatu, pafupifupi theka la maulendo chikho chimatulukapo ngakhale chimodzi, kaya wafunsa za bwenzi kaya za mbuzi yotayika. Kwa iwe zinatuluka zonse zitatu, inde sizichitika kawirikawiri, koma kusowa kwa chinthu sikuchisandutsa umboni.

Khadi loyamba unati linali la zikho zitatu, litazondoka. Likakhala chilili limaonetsa akazi atatu akuvina, zikho zili m'mwamba, pansi pali zipatso ndi dzungu, anthu akusangalalira zokolola. Likazondoka oombeza amasiku ano amati ndi miseche, kapena munthu wachitatu amene walowa pakati pa abwenzi. Mayi uja anakuuza kuti mnzako akukudya miseche. Koma taganiza, khadi limazondoka bwanji? Limazondoka chifukwa posakaniza dzanja latembenuza gawo lina la mpukutu, basi. Oombeza ena ambiri sawerenga n'komwe zozondoka, amangolitembenuza khadi n'kuliwerenga chilili. Ukanapita kwa mmodzi wa amenewo ukanabwera kuno ukumwetulira, utauzidwa kuti chibwenzi chanu n'cholimba. Usaike zaka zonse zija pa kutembenuka kwa dzanja.

Ndipo ngati ukufuna kulimvera khadilo, werenga bwino. Akazi aja alipo atatu, si awiri ayi. Chinsinsi chako cha ngongole ija, chimene chamveka msika wonse, unauza mnzakoyo yekha? Kumbukira bwino. Unauzanso mlamu wako pamene unkafuna kuti akubwereke, ndipo amene anakukongozayo naye ali ndi pakamwa. Usanaloze chala, khala pansi uwerenge aliyense amene ankadziwa, ndi tsiku limene anadziwa, ndi amene anayamba kukubweretsera nkhaniyo. Wobweretsa nkhaniyo umufunse kuti iye anamva kwa yani. Ntchito imeneyi khadi silingakugwirire.

Khadi lachiwiri ndilo likundidetsa nkhawa, mfumukazi ya zikho itazondoka. Pachithunzi pali mkazi atakhala pampando m'mbali mwa madzi, akuyang'anitsitsa chikho chotsekedwa ndi chivundikiro. M'gulu lililonse muli makhadi anayi a anthu, mfumu, mfumukazi, wokwera hatchi ndi mnyamata wantchito, ndipo oombeza amakonda kunena kuti amenewa akuimira munthu weniweni m'moyo wako. M'buku la Waite, mfumukazi imeneyi ikazondoka imatha kutanthauza mkazi wosadalirika. Koma khadilo lilibe dzina, lilibe mudzi. Ndiuze zoona, mwana wanga: ndani anayamba kutchula mnzako m'chipinda muja? Ndikudziwa momwe zimakhalira. Woombeza amafunsa mofatsa kuti kodi pali mkazi wina wapafupi amene wasintha masiku ano, iwe n'kugwetsa misozi n'kukhuthula zonse, kenako iye n'kukubwezera mawu ako omwe atawaveka chovala china. Ukafuna kudziwa ngati woombeza wakuuza chatsopano, kumbukira zimene ananena iwe usanatsegule pakamwa. Nthawi zambiri upeza kuti zinali zoti zingamukwane mkazi aliyense wa pa Great East Road.

Palinso ichi. Oombeza enieni amavomereza kuti khadi la munthu likhoza kuimira wofunsa yemweyo. Mkazi amene watseka chikho chake, osalola wina kuona za m'kati, bwanji ngati ndi iwe? Chilandirire malo ku Chalimbana, wapita kangati kukakhala naye pa thebulo lake la tomato? Iwe ukuti akuchita nsanje chifukwa sanabwere kudzakuyamikira. Mwina akuchitadi nsanje, sindikukana, nayenso ndi munthu ndipo sukulu anaisiyira panjira osati mwa kufuna kwake. Koma kaduka kongobaya mumtima n'kosiyana ndi kukuchitira chiwembu. Munthu akhoza kumva kuwawa pokuona ukukwera, n'kumakukondabe, n'kumachita manyazi ndi kuwawako mpaka kumakuzemba. Wotereyo ukamuitana amabwera. Ukamutcha wansanje pagulu sadzabweranso.

Tsono chenjera ndi lilime pa nkhani imeneyi, chifukwa kuno kwathu mawu akuti nsanje sayenda okha. Lero unena kuti akundichitira nsanje, mawa anthu adzati akufuna kumulodza, mkuja mwana wako akadzatentha thupi adzati ndi yemweyo. Ndaona mabanja akusamuka pamudzi chifukwa cha mawu oyamba chonchi. Ndipo lamulo la Zambia lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti kapena kumuloza kuti ndiye walodza. Nkhani ikakafika kwa anduna kapena kupolisi, mayi wa makhadi uja sadzakhalapo. Udzaimirira wekha, ndipo akadzafunsa umboni udzatulutsa chithunzi cha mkazi wogwira chikho.

Khadi lachitatu, la zikho zisanu, ndi limene ine ndikanakonda kuti uliyang'ane nthawi yaitali, koma ndi limene unalidumpha. Munthu wavala chofunda chakuda, wawerama, akuyang'ana zikho zitatu zimene zagwa n'kutayika. Kumbuyo kwake zikho ziwiri zaima chilili, sakuziona. Chapatali pali mtsinje, pali mlatho, ndipo kutsidya kuli nyumba. Pachithunzi chonsecho palibe mdani. Wojambula sanaikepo amene anagwetsa zikhozo. Anaikapo wolira yekha, ndiye kuti khadili likunena za iwe wofunsa, za momwe maso ako amatirira pa zotayika.

Tiye tiwerenge zikho zako mmene khadilo likufunira. Zotayika ndi izi: chinsinsi chamveka, sanakuyamikire, ndipo pa chilimba chanu cha anthu asanu, pomwe aliyense amaponya K200 pa sabata, iye sanaponye sabata yomwe inali yako, n'kulandira iwe K800 m'malo mwa K1,000. Zimenezi zachitikadi ndipo zikuwawa. Tsono tembenuka. Ndani anagona nawe pansi kuchipatala pamene unkachira? Ndani ankakusungira malo pamzere wa madzi chaka chija mtsinje wa Chongwe unaphwa mipopi n'kuuma? Sindikunena kuti zabwino zakale zimafafaniza cholakwa cha lero. Ndikuti woweruza amene wamva mbali imodzi sanaweruze.

Pa zitatu zotayikazo, yamba ndi K200, chifukwa ndi yokhayo imene ili ndi mutu ndi mchira. Pita wekha, usatume munthu, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Usalembe pafoni, mawu olembedwa alibe nkhope ndipo amatumizidwa kwa ena. Usamupeze pamsika pamaso pa makasitomala. Mupeze kunyumba madzulo, umufunse kuti mnzanga, sabata yanga ija chinavuta n'chiyani? Kenako utseke pakamwa umvetsere. Ngati tomato anamuwolera kapena mwana anadwala, adzakuuza, ndipo adzatchula tsiku lobweza. Amene akufuna chibwenzi amatchula tsiku, ngakhale atati azibweza K50 K50. Amene wakutaya amakwiya ndi funso lenilenilo. Za makhadi usazitchule n'komwe. Akadzamva kuti unakamuombezera, bala limenelo lidzaposa zotayika zonse zitatu zija.

Za chinsinsi udzafunse tsiku lina, ndalama zitatha, mitima itatsika. Ukaphatikiza milandu itatu tsiku limodzi adzangomva kuti wabwera kudzamuzenga. Zikakanika awiri, itanani azakhali ako kapena mayi wamkulu wa kumpingo amene nonse mumamulemekeza, osati mnzanu wa pa chilimba, chifukwa ameneyo ali ndi mbali.

Mwina udzapeza kuti anaululadi, ndipo sakumva chisoni. Zimachitika, sindikubisira. M'gulu lomwelo la zikho muli khadi la munthu wotenga ndodo usiku, akuchoka kulunjika kumapiri, atasiya zikho zisanu ndi zitatu. Uone kuti zikhozo wazisiya zosanjikiza bwinobwino, sanaziphwanye. Ukadzafika pamenepo udzachite chimodzimodzi. Malizani chilimba mpaka aliyense alandire, kuti anthu atatu osalakwa aja asavutike ndi mkangano wanu. Zinsinsi zake zimene uli nazo upite nazo kumanda. Moni uzimupatsa, pamaliro a kwawo uzipita, koma za mumtima usamuuzenso.

Ndipo kwa mayi uja usabwererenso ndi funso lomweli. Ukasakaniza kachiwiri adzatuluka makhadi ena, adzakuuza zina, udzalipiranso, ndipo ndalama ya basi ndi ya ulayo idzaposa K200 imene mukukanganirana. Loweruka lino mnzako akaweruka kumsika upite. Ngati miyendo ikulemera undiuze, ndidzakuperekeza mpaka pachipata, koma m'nyumbamo udzalowa wekha.