Kodi Nkoyenera Kukonza Nyumba Mdani Ali Pakhomo?

Gulu likamazunzidwa, ambiri amati si nthawi yoloza zolakwa za m'kati, kuopa kupatsa mdani mphamvu. Mbiri ya Asikhi a ku Punjab, m'nthawi ya mafumu a Mughal, ikutipatsa mpata woyesa maganizo amenewa.

Pofika m'masiku a Guru Arjan, mtsogoleri wachisanu, Asikhi anali atafalikira m'mizinda yakutali. Guru sakanatha kufika paliponse, choncho anali ndi nthumwi zotchedwa masand. Masand ankaphunzitsa gulu la m'dera lake, kusonkhanitsa chachikhumi, ndi kukachipereka kwa Guru. Chumacho chinkadyetsa anthu pa khitchini yaulere yotchedwa langar, ndiponso chinathandiza kumanga mzinda wa Amritsar.

Mu 1606 Guru Arjan anaphedwa ku Lahore mu ulamuliro wa Jahangir, ndipo mu 1675 Guru Tegh Bahadur anadulidwa mutu ku Delhi mu ulamuliro wa Aurangzeb. M'zaka zapakatizi a Guru ankakhala nthawi yaitali kutali ndi Amritsar, ndipo panalibe woyang'anira nthumwi zija mokwanira. Ena mwa amasand anayamba kudya zopereka, kusiyira ana awo udindowo ngati munda wa makolo, ndi kuchirikiza anthu olimbirana mpando wa Guru. Chizindikiro cha matendawa chinali choonekeratu: wokhulupirira sakanafikanso kwa mphunzitsi wake osadzera mwa munthu wopindula ndi ulendowo.

Guru Gobind Singh sanadikire kuti mtendere ubwere. Anathetsa udindo wa masand, nalembera magulu makalata kuti zopereka zizifika kwa iye osadzeranso mwa nthumwizo. Pa chikondwerero cha Vaisakhi mu 1699 ku Anandpur anakhazikitsa Khalsa. Amuna asanu a mitundu yosiyana, imene mwamwambo sinkadyera pamodzi, anamwera m'mbale imodzi yachitsulo, kenaka Guru mwini anapempha asanuwo kuti amulowetse nayenso. Asanamwalire mu 1708 anasiya utsogoleri m'manja mwa buku lopatulika, Guru Granth Sahib, ndi gulu lonse.

Kukonzaku kunali ndi mtengo wake. Ku Delhi gulu linagawanika, poti ena sanafune kusiya miyambo ya makolo awo. Komabe pamene boma linkasaka Asikhi m'zaka zotsatira, panalibenso munthu mmodzi amene imfa yake ikanathetsa zonse. Ankasonkhana ku Amritsar pa Vaisakhi ndi Diwali, nkumagwirizana chigamulo chotchedwa gurmata pamaso pa buku lija.

Choncho chizunzo si chifukwa chobisira chinyengo, pakuti mdani amalowera pa mng'alu umene eni nyumba akana kuuona. Koma wokonzayo ayenera kuyamba wadziika pansi pa lamulo limene akupereka, monga anachitira Guru pamaso pa asanu aja.

Mafunso okambirana:
1. Tingadziwe bwanji kuti udindo wotumikira wasanduka chuma cha munthu?
2. Guru akanapanda kupempha asanuwo kuti amulowetse, kodi kukonzaku kukanalandiridwa chimodzimodzi?