Mbewa ya manyazi idafera kuuna

Pali mawu atatu amene agwetsa makontirakitala ambiri kuposa chiswe ndi mvula: "Ntchito ikuyenda bwino." Foromani amawalemba Loweruka lililonse pamwamba pa lipoti la sabata, mwini nyumba n'kuwerenga, mtima n'kukhala pansi. Tsiku lopereka makiyi likakwana, denga kulibe, ndipo pofunsa kuti zinakhota liti, mapepala onse amayankha chimodzimodzi, kuti zinkayenda bwino. Ife amene tinakalambira pasaiti timadziwa chimene chimalembetsa mawu amenewa. Ndi manyazi. Munthu amaopa kuoneka wolephera pamaso pa bwana, ndiye amabisa tsiku limodzi lotayika, kenaka awiri, mpaka masabata. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo una wa foromani ndi lipoti lokoma lopanda nambala.

Tiyerekeze kuti mukumanga buloko ya makalasi awiri, mamita 16 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ya mabuloko a simenti. Muli m'sabata ya 9, mwezi wa Januwale. Pa pulogalamu munalonjeza kuti sabata imeneyi mumanga khoma la masikweya mita 120. Buloko ya masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu imalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi, choncho lonjezo lanu linali mabuloko 1,500. Amisiri anayi akakhala ndi owathandiza okwanira, tinene kuti amayala 250 pa tsiku, masiku 6 n'kukwanitsa. Loweruka lafika, mwayala 1,000 okha.

Chiganizo choyamba cha lipoti chinene zimenezo basi: tinalonjeza masikweya mita 120, tamanga 80, atsala 40, tili m'mbuyo ndi masiku awiri. Wowerenga amene ali ndi mphindi imodzi yokha wamva kale nkhani yonse. Nambala ya zomwe zachitika ikaima yokha imanyenga, chifukwa mabuloko 1,000 amamveka ambiri kwa munthu amene sakudziwa kuti amayenera kukhala 1,500. Nambala ziwirizi ziziyenda limodzi nthawi zonse.

Ndipo nambalayo itengedwe ndi tepi, m'manja mwa wolemba lipotiyo. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mukafunsa mmisiri kuti wafika pati, adzakuuzani kuti watsala pang'ono, ndipo sakunama dala, kungoti diso la munthu amene watopa limaona khoma lalitali kuposa mmene lilili. Apa m'pamene pamabadwira "90 pa 100" uja amene amakhala pa lipoti masabata atatu osasuntha. Yendani ndi tepi, werengani mizere ya mabuloko khoma ndi khoma, nenani kuti la kummawa lafika pomangira ring'ibimu, la pakati latsala mizere inayi. Khoma limene injiniya walikana chifukwa lapendama musaliwerengere pa ntchito yotha, ngakhale thukuta linatayika pamenepo. Zithunzi zimathandiza ngati mukujambula mutaima pa ngodya yomweyomweyo sabata iliyonse. Abale athu ali ku Joni amene akumangitsa nyumba kumudzi amalandira zithunzi zambiri pafoni, koma zambiri zimakhala za khoma limodzi lokongola lojambulidwa mbali zosiyanasiyana.

Katundu naye ali ndi msampha wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Simenti imene "yaodedwa" kapena "ili m'njira" si simenti. Lembani matumba amene mwawawerenga m'sitolo ya pasaiti, ndipo amene aundana ndi chinyezi muwachotsepo.

Tsopano tifike povuta, pa masiku awiri aja. Wolemba mwaulesi amati "ntchito inachedwa chifukwa cha mvula ndi mavuto ena." M'mawu akuti "mavuto ena" ndi mmene mumabisala milandu. Zoona zake zinali zotere: Lachiwiri mvula inayamba cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kukata madzulo, amisiri osayala buloko ndi imodzi yomwe. Lachinayi simenti inatha m'mawa, galimoto inafika Lachisanu ntchito isanayambe. Masiku awiriwa ndi ofanana pa kalendala, koma pa mgwirizano wa ntchito ndi osiyana kutalitali, ndipo n'chifukwa chake lililonse liyenera kukhala ndi mzere wakewake: tsiku, chimene chinachitika, maola otayika, ntchito imene inaima.

Za mvula, achinyamata ambiri amaganiza kuti dontho lililonse limawonjezera masiku pa mgwirizano. Ayi. Walira mvula walira matope. Amene wavomera kumanga m'Januwale kuno kwathu wavomeranso mvula ya Januwale, ndipo migwirizano yambiri imangoganizira nyengo yoipa mopitirira mmene imakhalira chaka ndi chaka. Koma kodi injiniya adzadziwa bwanji kuti mvula inapitirira muyeso ngati palibe amene analemba masiku ndi maola ake? Lembanibe, ngakhale simukudziwa ngati tsikulo lidzabwezedwa. Kachitini koyezera mvula koimikidwa pabwalo n'kotchipa kuposa tsiku limodzi la chindapusa chochedwetsa ntchito.

Za simenti, funso ndi lakuti inatheranji. Ngati kalaliki anaiwala kuoda, tsikulo ndi la kontirakitala, ndipo lipoti linene mosabisa, n'kuwonjezera mmene alibwezere: kuonjezera mmisiri wachisanu, kapena kugwira mpaka madzulo Loweruka. Ngati galimoto inagona pamzere wa dizilo, nenani choncho. Koma ngati simenti inatha chifukwa mwini ntchito sanalipire satifiketi imene inakwana nthawi yake masabata awiri apitawo, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndi pamene manyazi amaluma kwambiri, popeza wolakwayo ndi yemweyo amene akudzawerenga lipotilo. Palibe chifukwa chokalipa. Ingolembani tsiku limene satifiketi inaperekedwa, tsiku limene malipiro amayenera kufika, ndi kuti mpaka lero sanafike. Mlandu suwola. Pakadzatha miyezi isanu, anthu atakhala pansi kuwerengerana masiku, za pakamwa zonse zidzakhala zitauluka, chotsala ndi pepala.

Pano ndichenjeze amene akugwira ntchito zikuluzikulu. Migwirizano ya mtundu wa FIDIC imafuna kuti kontirakitala apereke chidziwitso pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anadziwa za chinthu chomuchedwetsa, apo ayi ufulu wopempha masiku owonjezera ungamuthawe. Kutchula chinthucho m'lipoti la sabata sikulowa m'malo mwa kalata imeneyo. Lipoti ndi umboni, kalata ilembedwe payokha.

Sikuchedwa konse kumene kuli ndi kulemera kofanana. Ngalande ya kuseri ikachedwa sabata, palibe ntchito ina imene ikuidikira. Khoma likachedwa masiku awiri, ring'ibimu imachedwa masiku awiri, mitengo ya denga nayo, malata nawo, pulasitala wa mkati nayenso. Lipoti labwino limanena mwachindunji ngati kuchedwako kwasuntha tsiku lomalizira kapena ayi. Mwini nyumba sasamala kwenikweni za mabuloko 500. Akufuna kudziwa ngati ana adzalowe m'kalasi teremu ikamayamba. Pa zochedwetsa ntchito, maliro a pamudzi nawo alembedwe. Tonse timadziwa kuti mfumu ikalengeza zovuta, aganyu sabwera, ndipo palibe chamanyazi kulemba kuti tsikulo saiti inatsekedwa.

Gawo la sabata yamawa ndi limene ambiri amalimaliza ndi mawu amodzi: "Tipitiriza." Nkhanga zidapangana kusanapse. Pa buloko yathu ija, mapangano ake angakhale otere. Lolemba ndi Lachiwiri, kumaliza mabuloko 500 otsala. Lachitatu ndi Lachinayi, kukhoma matabwa ndi kumanga zitsulo za ring'ibimu. Lachisanu m'mawa, injiniya adzaone zitsulo. Loweruka, kuthira konkire. Ring'ibimu yozungulira nyumba yonse pamodzi ndi khoma la pakati ndi mamita 56, ndipo ikakhala masentimita 20 mbali zonse imadya konkire wopitirira pang'ono makiyubiki mita awiri. Posakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale, pafunika matumba pafupifupi 14 a makilogalamu 50. Mukaphatikiza ndi ya matope omangira mabuloko aja, tinene matumba 30. M'sitolo muli 18. Ndiye kuti lipoti lanena lero, masiku akadalipo, kuti matumba 12 afike pasanadutse Lachinayi, n'kutchula amene akagule.

Taonani kuti pa ndondomeko yonseyi, tsiku loopsa kwambiri ndi Lachisanu, pamene palibe mmisiri aliyense amene akugwira ntchito yolemetsa. Zitsulo zikakwiririka m'konkire palibe amene angazionenso, n'chifukwa chake injiniya ayenera kuziona kaye. Akapanda kubwera, amisiri amakhala pansi akulandira malipiro, kapena foromani amapsa mtima n'kuthira, mawa lake n'kuuzidwa kuti aphwanye. Choncho pempho la injiniya lisabisale pakati pa ndime. Likhale poonekera, ndi tsiku ndi ola, ndiponso zotsatira zake: akapanda kufika Lachisanu, kuthira kusunthira Lolemba. Chimodzimodzi zosankha za mwini nyumba. Ngati sananenebe mtundu wa mawindo, lembani tsiku lomaliza limene yankho lake lingafike popanda kuimitsa ntchito. Musaiwalenso kuti konkire akathiridwa amafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zimayesedwa pa masiku 28. Kulonjeza denga mawa lake la kuthira ndi kudzikumbira dzenje la lipoti la sabata inayo.

Wina adzati zonsezi n'zambiri kwa munthu amene wakhala padzuwa sabata yathunthu. Zimachuluka kwa amene amadikira Loweruka kuti akumbukire za Lolemba. Amene amalemba m'buku la pasaiti madzulo alionse, anthu angati anabwera, kunja kunacha bwanji, katundu wanji walowa, bwana uti ananena chiyani, Loweruka amangokopera, ndipo tsamba limodzi kapena awiri amakwana. Malangizo a pakamwa, monga akuti "chitseko ichi chisunthire uko," alowe m'bukumo tsiku lomwelo ndipo wonenayo asayine. Ngozi nayo, ngakhale ya msomali woboola phazi, ilembedwe.

Mlandu wina uli kwa inu eni ntchito. Foromani akalemba zoona n'kulandira chipongwe pafoni, sabata yotsatira adzakulemberani kuti ntchito ikuyenda bwino, ndipo mudzakhala mutamuphunzitsa ndinu. Mukalandira lipoti, tengani la sabata yatha, muone ngati zimene linalonjeza ndi zimene zayankhidwa m'latsopanoli. Zimene lakupemphani, yankhani tsiku lisanadutse. Likabwera lopanda nambala, lopanda tsiku, lopanda dzina la woyenera kuchitapo kanthu, libwezeni alembenso.