Njinga Yobwereka Ikathyoka, Alipire Ndani?

Amayi anzathu, nkhani iyi tidaimva pa msonkhano wathu wa Lachinayi, ndipo idatigawa pawiri mpaka dzuwa kupendeka. Maina sititchula, pakuti eni ake ali moyo ndipo amakhala pa benchi imodzi m'tchalitchi.

Pali mayi wina wamasiye amene amuna ake adamusiyira njinga yakapalasa. Njingayo ndiyo khasu lake: Lachitatu ndi Loweruka amamangirira dengu la tomato pa kaliya kupita nalo kumsika. Tsiku lina Lolemba m'mamawa kudafika mnzake wa ponda apa nane mpondepo, mwana ali kumsana, thupi lili moto. "Achemwali, ndibwerekeniko njinga ndithamangire kuchipatala, mwanayu sadagone." Mwini njinga sadafunse zambiri, adangoitulutsa.

Kuchipatala adamuyeza mwanayo, adampeza ndi malungo, nampatsa mankhwala. Pobwerera mayi uja adadzera kuchigayo kumene adasiya chimanga dzulo lake, namangirira thumba la ufa la makilogalamu 50 pa kaliya, mwana ali kumsana. Potsetsereka kuyandikira pa mlatho njinga idathamanga, mabuleki osagwira mokwanira, tayala lakutsogolo n'kulowa m'dzenje. Foloko idathyoka mwendo umodzi, limu idapindika, masipoko angapo adaduka. Mayiyo adasupuka bondo ndi chigongono, koma mwana adapulumuka osavulala.

Njingayo idabwerera kwa mwini wake usiku, ataikankha mnyamata, nangoitsamiritsa kukhonde. Mayi wobwereka uja sadaoneke Lachiwiri, Lachitatu, ngakhale Lachinayi. Manyazi adamgwira, ndipo ndalama analibe. Tomato wa Lachitatu adafewera m'dengu.

Titamva izi ambiri tidayankha msanga kuti wathyola ndiye alipire, nkhani yathera pomwepo. Ena adati ayi, munthu anali ndi mwana wodwala, ngozi siona nkhope, nanga chinansi n'chachiyani ngati tiyamba kuwerengerana masipoko? Mbali zonse ziwiri zidalankhula zoona, koma zonse zidafulumira, chifukwa padali chinthu china chimene tidali tisadamve.

Mwini njinga adaitengera kwa wokonza njinga pamsika. Bamboyo adayang'ana pamene foloko idathyokera naitana mayiyo kuti aone yekha. Chitsulo chikathyoka lero, pothyokapo pamawala, pamaoneka mbee ngati ndalama yatsopano. Koma apa theka la pothyokapo lidali lakuda, ladzimbiri, theka lokha ndilo lidali lowala. Ndiye kuti mng'alu udalipo kale kwa miyezi, ukudya chitsulo pang'onopang'ono, ndipo dzenje lija lidangomaliza ntchito. Limu ndi masipoko zokha ndizo zidaonongeka mwatsopano. Atafunsidwa, mwini njinga adavomera kuti kutsogolo kudayamba kugwedera ndi kulira kalekale, ndipo iye amatsika n'kumakankha akafika pamtsetse uja. Mnzake sadamuuze. Akuti m'mawa umenewo, poona mwana akutentha, sizidamubwerere m'mutu.

Ife amene tidagwirako ntchito ya unamwino izi sizachilendo. Agogo amabwera atathyoka fupa la m'chiuno, achibale n'kumaloza mdzukulu amene adawagunda pang'ono pakhomo. Koma fupa la munthu wamphamvu silithyoka ndi kugundidwa kotero. Lidafooka kale mkati, kugwako kudangoonetsa poyera. Mdzukuluyo adagundadi, sitikana, koma sitingamsenzetse zaka zonse zimene fupalo lidakhala likufooka.

Tsono funso lakuti wathyola ndani ndi lina, lakuti alipire ndani ndi linanso. Tiyambe ndi wobwereka. Chilamulo cha Mose chidaiganizira nkhani yotere. Pa Eksodo mutu 22 pali lamulo la munthu wobwereka chiweto kwa mnansi wake: chikapweteka kapena kufa mwini wake palibe, wobwerekayo alipire, mwini wake akakhala ali pomwepo, asalipire, chikakhala chobwereka ndi ndalama, mtengo wobwerekerawo ndiwo ukwirira. Tikaliyang'ana bwino lamuloli silifunsa ngati wobwerekayo adachita dala. Likuona kuti phindu lonse la tsikulo lidapita kwa wobwereka, kwaulere, pamene mwini adakhala manja lende, osatha kuteteza chinthu chake. Amene wadya phindu asenzenso tsoka lake. N'chifukwa chake mnyamata uja wa pa 2 Mafumu mutu 6, nkhwangwa yake itagwera m'madzi podula mitengo ku Yordano, chimene chidamliza pamaso pa Elisa n'chakuti nkhwangwayo idali yobwereka. Adadziwa kuti ngozi simfafanizira ngongole.

Pamwamba pa apo, mayi wathu uja adapempha njinga ya ulendo wa kuchipatala, osati wa kuchigayo. Ena adati thumba lidali kumbuyo, nanga likukhudzana bwanji ndi foloko ya kutsogolo? Wokonza njinga adayankha bwino: katundu wolemera amaikankha njinga pamtsetse, mabuleki amavutika kuiimitsa, ndipo ikagunda dzenje imagunda ndi mphamvu ya munthu ndi thumba pamodzi. Akadapempha kuti adzere kuchigayo, mwina mwini njinga akadakumbukira nati, "Ayi achemwali, kutsogoloko sikuli bwino." Posapempha, adamlanda mnzake mpata wokana. Apa ife tikuona kuti limu ndi masipoko ndi zake, palibe pothawira.

Koma foloko ndi nkhani ina, ndipo apa mpamene tidakhalitsa. Lamulo la Mose lija likunena za chiweto chimene chidachoka pakhomo chili bwino. Kodi munthu angabwereketse chinthu chodwala kale, osanena, kenaka n'kulandira chatsopano? Akatero ndiye kuti ngozi ya mnzake yamupindulira: foloko imene akadagula yekha mwezi wamawa wamgulira wina. Kumeneko sikubwezeredwa, ndi kudyera mnzako pa tsoka. Ndiponso tisaiwale amene adali kumsana. Foloko ikathyoka, wokwera amagwa chamutu kutsogolo. Tidaonapo ana ovulala m'mutu chifukwa cha kugwa kotere, ndipo ena sadabwerere kwawo. Mwini njinga adachita chifundo, inde, ndipo sitikumuyesa woipa. Koma mawu atatu okha, akuti pamtsetse paja muzitsika, akadasintha tsiku lonse. Kuiwala kwake kudali kotsika mtengo pa ndalama, koma pa moyo kukadakhala kokwera kuposa kulakwa kwa mnzake.

Mayi wina wachikulire adatidzudzula kuti tikuweruza ngati bwalo la amfumu pamene ndife a mpingo. Adati mwini njinga angokhululuka basi. Mawuwa ndi okoma, koma tidaona kuti amatuluka mosavuta pakamwa pa ife amene njinga zathu zili bwinobwino kunyumba. Kukhululukira ngongole ndi mphatso, ndipo mphatso amapereka ndi mwini, sachita kumulamula anthu a pambali. Tikamuumiriza mayi wamasiye kuti anene "zilibe kanthu" pamene tomato wake akuola, tapereka chifundo chathu ndi ndalama za m'thumba mwake. Ndipo tonse tikuwadziwa mawu akuti "zilibe kanthu" otuluka ndi mano okukuta. Pakamwa pamakhululuka, mtima n'kusunga kaundula. Akulu adati mlandu suola. Pakapita chaka mudzamva nkhani ya njinga ikutuluka pa maliro, pokangana za mbale.

Chimene chidamuwawa kwambiri mwini njinga, monga adanenera yekha, si chitsulo ayi. Ndi njinga yotsamiritsidwa kukhonde usiku ngati yakuba, ndi masiku atatu a zii. Mnzakeyo akadabwera madzulo omwewo, bondo lili magazi, nati, "Achemwali, ndalakwa, njinga yathyoka ili m'manja mwanga, ndalama ndilibe koma tiyeni tione chochita," mwina Lachiwiri ikadakonzedwa pa ngongole, Lachitatu tomato n'kupita kumsika. Choncho tomato uja ife tikumuika pa wobwereka, osati chifukwa cha dzenje koma chifukwa cha kubisala. Tikumvetsa kuti umphawi umabala manyazi. Koma wosauka ali nacho chimodzi chimene angapereke tsiku lomwelo popanda kukongola, ndicho nkhope yake pakhomo. Ndipo wobwereka akayamba yekha kunena kuti alipira, mpamene mwini amapeza ufulu weniweni wonena kuti siyani, kapena kuti tigawane. Popanda zimenezo, mwini amasanduka wolondola ngongole kwa mnzake, ntchito imene sadaipemphe.

Mmene zidathera ndi motere. Amayi awiri a m'gulu adapita kukamtenga wobwereka uja, nakhala pansi onse anayi pakhonde pomwe padatsamira njinga. Wokonza adawerengera foloko K18,000, limu K15,000, masipoko K7,000, ntchito yake K5,000, zonse pamodzi K45,000. Adagwirizana kuti mwini njinga agule foloko ndi kuonjezapo K2,000 ya ntchito, ndiye K20,000. Wobwereka atenge limu, masipoko ndi K3,000 yotsala, ndiye K25,000. Ndalamayo adaikongola ku banki m'khonde kuti njinga isagone kwa wokonza, ndipo akubweza pang'onopang'ono. Za tomato mwini njinga adakana ndalama. Adati mnzakeyo amuthandize kuthirira kudimba masabata awiri, ndipo adathiriradi. Asadabalalike, mwini njinga adapepesanso chifukwa chosanena za foloko, ndipo akuti apa mpamene wobwereka uja adalira, pozindikira kuti mwana wake adayenda pa chitsulo chothyoka theka.

Si onse adakhutira. Mlongo wake wa mwini njinga akuti mpaka lero amanena kuti folokoyo, ngakhale idali ndi mng'alu, idanyamula tomato miyezi isanu ndi umodzi osathyoka, ndipo ikadanyamulabe pakadapanda thumba la ufa. Wina wa ife akuti wobwereka adalipira zambiri, poti njinga ya foloko yabwino mwina ikadadumpha dzenjelo limu osapindika. Wokonza njinga atafunsidwa za mfundo ziwirizi adangoseka, nati iye amadziwa kuwerenga dzimbiri, za "pakadapanda" akafunse kwina.

Mwezi watha mwana yemwe uja adadwalanso usiku. Mayi wake adaima nthawi yaitali pabwalo asadagogode. Mwini njinga adaitulutsa, namuuza kuti buleki yakumbuyo ikuchedwa kugwira, ndipo pamlatho paja atsike.