Kulira kwa alamu ya utsi: mfundo zoti tizilingalire

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku Pitoriya tinaiona koyamba alamu ya utsi kuno ku Joni: kachipangizo koyera kozungulira, komatidwa kudenga la fulati ku Sunnyside kapena m'nyumba ya abwana ku Centurion. Pomwe kayamba kuti "tswi!" pakati pa usiku, ambiri amangokwera pampando n'kuzula batire.

1. Yambani mwamvetsera, musanakwiye. Alamu ili ndi malankhulidwe awiri. Ikamalira mokweza ndi mosalekeza, ndiye kuti yamva utsi, ndipo chofunika ndi kudzutsa ana, kutuluka panja ndi kuimba 112 pafoni yam'manja. Koma ikangoti "tswi" kamodzi n'kukhala chete, ikudandaula za thupi lake lomwe. Tengani wotchi muwerenge mpata wa pakati pa kulira kumodzi ndi kunzake. Alamu zambiri zikafooka batire zimalira mwadongosolo, pakatha masekondi 30 mpaka 60 alionse. Ngati kulirako kulibe dongosolo, apa mphindi zitatu, apa ola lathunthu, maganizo apite kwina: batire yosakhala bwino m'malo mwake, fumbi, kapena ukalamba wa alamuyo.

2. Chinthu chikachitika usiku, sindiye kuti pali zamatsenga. Anthu amadabwa kuti bwanji imakonda kulira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, dzuwa likatuluka n'kusiya. Chifukwa chake ndi chisanu. Batire imatulutsa mphamvu kudzera m'mankhwala a m'kati mwake, ndipo kukazizira mankhwalawo amagwira ntchito mwaulesi. Mu Juni ndi Julayi, usiku wa ku Pitoriya umazizira kufika madigiri 5 kapena kutsikirapo, pomwe masana kumakhala kofunda. Choncho batire yomwe yatsala pang'ono kutha imagwa mphamvu usiku, alamu n'kulira, ndipo m'mawa kukafunda imadzukanso. Munthu amati vuto latha lokha, chonsecho batireyo ikupita. Kulira kwa m'bandakucha nthawi yachisanu, kosiya kukacha, ndi chizindikiro champhamvu chakuti batire ikufuna kusintha lero lomwe.

Palinso nkhani ya kuzima kwa magetsi. Alamu zina zimalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba ndipo batire imangokhala yodikirira. M'chaka cha 2023, pomwe Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, mabatire odikirirawa ankagwira ntchito maola ambiri ndipo ankatha msanga kuposa mmene eni ake ankaganizira.

3. Musaweruze musanafufuze mwatsatanetsatane. Tiyerekeze kuti mayi wina wa kwathu akugwira ntchito m'nyumba ina ku Garsfontein, ndipo alamu ya m'kolido yayamba kulira mu Ogasiti. Wagula batire yatsopano ya 9V, waikamo, koma patapita kanthawi yaliranso. Apa ambiri amati alamu yafa. Iye asafulumire. Choyamba aitsitse poipotoza pang'ono, aone ngati timitu tiwiri ta batire talowa bwino ndiponso ngati kachitseko katsekeka mpaka kumveka "khethe", chifukwa batire yogwedezeka imaliza alamu nthawi iliyonse. Aonenso tsiku lolembedwa pabatire, popeza batire ikhoza kukhala yatsopano m'manja mwake koma inakhalitsa pashelefu ya sitolo. Kenako achotsenso batireyo, adine batani lolembedwa TEST kwa masekondi pafupifupi 15 kuti mphamvu yotsalira ithe, abwezeretse batire, adinenso batanilo. Alamu yabwino imalira mokweza kwambiri kenako n'kukhala chete. Ngati ili yolumikizidwa ku magetsi, ayambe wazimitsa magetsi pabokosi lalikulu asanagwire waya uliwonse.

Ikapitiriza kulira mopanda dongosolo, akumbukire kuti Ogasiti kuno ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, mvula itatha miyezi ingapo isanagwe. Alamu zambiri za masiku ano zili ndi kachipinda kamdima m'kati, momwe muli kanyali ndi kadiso. Utsi ukalowa umamwaza kuwala kwa kanyaliko, kadiso n'kuona, alamu n'kulira. Fumbi, ulusi wa kangaude kapena kachilombo kakang'ono kamachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake alamu yakuda nthawi zina imalira mwamphamvu kwa kanthawi kochepa popanda moto. Mankhwala ake ndi kupopa timipata ta m'mbali ndi makina okoka fumbi, ndi kupukuta kunja ndi kansalu kouma. Madzi, sopo kapena mankhwala opopera tizilombo zisayandikire, chifukwa zimaononga kadisoko.

4. Chilichonse chili ndi msinkhu wake, ndipo kuvomereza zimenezi si kutaya ndalama. Mfundo iyi ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa ndi imene anthu saidziwa. Tembenuzani alamu muone kumbuyo: pamalembedwa tsiku lomwe inapangidwa, ndipo zina zimalembedwanso REPLACE BY. Opanga amanena kuti alamu ya utsi isapitirire zaka 10 kuwerengera tsiku limenelo, osati tsiku lomwe inaikidwa kudenga. Mayi uja akapeza kuti yake inapangidwa mu 2012, asavutikenso ndi mabatire ena, yakalamba basi. Alamu zina zimalira mwapadera kusonyeza kuti zafika kumapeto, ndipo tanthauzo la kulira kulikonse limalembedwa kumbuyo komweko. Zija zokhala ndi batire yomatidwa m'kati ya zaka 10 sizitsegulidwa n'komwe, zimangosinthidwa zonse.

Choopsa n'chakuti alamu yokalamba ikhoza kulira bwinobwino mukadina TEST. Batanilo limatsimikizira kuti batire ndi chokuzira mawu zili moyo, koma silikulonjezani kuti kadiso kadakali kakuthwa ngati kale.

5. Nthawi zina cholakwika ndi malo. Alamu yoikidwa pafupi ndi khomo la bafa imamva nthunzi, ndipo yoyandikira chitofu imamva mafuta okazinga. Iyenera kutalikirana ndi pophikira ndi mamita atatu ngati malo alola. M'zisakasa za ku Mamelodi, momwe munthu amaphika, kugona ndi kuotha parafini m'chipinda chimodzi, alamu ya utsi imavutitsa kwambiri. N'chifukwa chake ku Cape Town kunapangidwa chipangizo cha Lumkani, chomwe chimamva kukwera msanga kwa kutentha m'malo mwa utsi.

6. Kukhala chete kogula ndi kuzula batire n'kodula kwambiri. Kuli ngati kumanga pakamwa galu wolondera kuti mugone bwino. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka usiku m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mumzinda wa Johannesburg, n'kupha anthu 76, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. Moto wa usiku umapeza anthu ali m'tulo, ndipo utsi sudzutsa munthu. Umamufoola asanadziwe chomwe chikuchitika. Ndikudziwa kuti ambiri timachita lendi ndipo timaopa kuvutitsa eni nyumba, ena poopa kufunsidwa za mapepala. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna. Jambulani kumbuyo kwa alamuyo pomwe pali tsiku, tumizani chithunzicho kwa eni nyumba kapena woyang'anira fulati, ndipo pemphani yatsopano. Podikira yankho, batire ikhalebe momwemo, ndipo mukaika ina iliyonse lembani mwezi ndi chaka pambali pake ndi cholembera, kuti wobwera pambuyo panu m'chipindamo adzadziwe poyambira.