Kodi Nkoyenera Kubisira Mnzako Wakutali Zowawa?

Makolo athu pamene anali kupita ku Harare ndi ku Joni kukafuna nchito, cimene akazi otsala anali kuopa ndico ucona. Kalata inali kucedwa panjira, ndipo mwamuna akaleka kulemba, mudzi wonse unali kudziwa kuti banja lija lalowa mphepo. Lero lamya iri m'thumba mwa munthu aliyense, kotero kuti wokhala ku Mangalande alankhula ndi wa ku Cipata tsiku ndi tsiku. Koma ine ndiganiza kuti ucona sunathe ai. Munthu akhoza kucona mumtima, mau ace akumvekabe madzulo onse. Njira imodzi yoconera motero iyamba ndi cifundo.

Tiyeni tione banja lina la ku Katete. Mkazi ndi namwino, ndipo anapita ku Mangalande. Mwamuna ndi mphunzitsi, anatsala ndi ana awiri. Anapangana kuti ndalama zimene mkazi adzatumiza zidzagula malata 40 ofolera nyumba yao ya njerwa. Atafika kumeneko mkaziyo anapeza kuti saloledwa kugwira unamwino wonse asanapambane mayeso a dzikolo. Mayeso oyamba analephera, nakhala miyezi ingapo pa malipiro ocepa. Sanauze mwamuna wace, pakuti anati, “Ndimdetserenji nkhawa munthu amene ali yekha ndi ana?” Anadzimana cakudya, natumizabe ndalama monga mwa pangano.

Kumudzi nako kunagwa cilala caka cija ca 2024, cimanga cinauma cisanabereke. Amai a mwamuna ndi alongo ace anabwera ndi matumba opanda kanthu, ndipo ndalama za malata zinagula ufa. Iyenso sananene, pakuti anati, “Mnzanga ali kudziko lozizira, akamva izi adzalira popanda womtonthoza.” Motero madzulo onse mau anali amodzimodzi: “Muli bwanji kumeneko?” “Tiri bwino, kaya inu?”

Kodi analakwa? Tisafulumire kuwaweruza. Palibe anaba, palibe anacita cigololo, ndipo ufa uja unapulumutsa anthu. Ndiponso nzoona kuti mbiri yoipa ilemera koposa ikafika kwa munthu amene sangathe kucitapo kanthu. Wapafupi akamva za matenda athamangira kucipatala. Wakutali angokhala pamphasa ndi kulingalira, ndipo malingaliro a usiku akulitsa kanthu kakang'ono.

Komabe taonani cimene cinacitika m'kati. Anthu okhala nyumba imodzi sasowa kunena zonse, cifukwa nkhope inena, nkhokwe nayonso inena. Okhala kutali alibe cina koma mau okha. Ngati mauwo asankhidwa kuti akome, aliyense ayamba kukonda munthu amene kulibe. Mwamuna uja anali kuganiza kuti mkazi wace asambira m'ndalama, ndipo kaduka kanamera pang'ono. Mkazi anali kuona m'maganizo nyumba yofolera bwino, nadzitonthoza nayo pogona ndi njala. Tsono popeza aliyense anali kulonda pakamwa pace, nkhani zinafupika. Wobisa cinthu cimodzi aopa kuceza nthawi yaitali, pakuti nkhani iriyonse ikhoza kumtsogolera kumeneko: sanganene za mvula, sanganene za amai, sanganene za nyumba. Ici ndico cizindikiro cimene ine ndiciopa koposa mkangano. Okangana palamya akali pamodzi.

Ndiyesa kuti kucedwetsa mau ndi kubisa mau nzosiyana. Namwino wocokera kunchito ya usiku sayenera kulandira mbiri ya njala asanagone. Kudikira kufikira tsiku lace lopumula ndi ulemu. Zina zazing'ono, monga mwana wapunthwa cala, zikhoza kutsala. Koma cimene ciri ca onse awiri, ndiye ndalama, ana, nyumba ndi thanzi la thupi, mwini wace winayo ali ndi mbali yace. Kumbisira ndiko kumcotsa pabwalo pamene mlandu wace ukambidwa. Mkazi uja akadafunsidwa, ndikhulupirira akadati, “Gulani ufa, malata adzabwera.” Cimene analandidwa si ndalama ai, koma mpata wakuti apatse apongozi ace ndi mtima wace.

Patapita zaka ziwiri anabwera kudzaceza. Anaima pakhomo nayang'ana zipupa zopanda denga, udzu utamera m'cipinda cogona. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, “Atate a ana, masiku onse aja munali kulankhula ndi yani?” Mwamuna poona mmene mkazi wace anaondera, funso lomwelo linamfika pakhosi. Ankhoswe anaitanidwa, koma anasowa poyambira, cifukwa panalibe wodandaula kuti mnzace samkonda. Malata anagulidwa caka cotsatira, ndipo tsopano pa Sabata masana, ana atapita kukasewera, awiriwo awerengerana ndalama zonse palamya, ndi ngongole zomwe.