Kasitomala akakutukwanani: mupatseni chake, chipongwe musachilandire



Ambiri a ife tikatsekera sukulu timakagwira maganyu mu shopu, pa filing'i siteshoni kapena mu lesitilanti. Ine holide yapitayi ndinali m'kakontena ka amalume anga pafupi ndi depoti ku Liwonde, komwe anthu amaika ndi kutapa ndalama za pa foni. Lero ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limodzi lomwe ndinatsala pang'ono kudya za mwini komanso kutaya ulemu wanga, zonsezo chifukwa cha mkwiyo.

Linali Lachiwiri, Swala ya Zuhr itangodutsa, kunja kukutentha monga mukudziwira dzuwa la ku Liwonde. Panabwera bambo wina wachikulire ndi ma K5,000 okwana 9, kuti ndiike K45,000 pa nambala ya akazi awo omwe amadikirira mwana kuchipatala. Ndinawerenga ndalamazo, ndinalemba m'buku, ndinawawerengera dzina lomwe linatuluka pa foni, iwo nkuvomera kuti ndi lomwelo. Ndinatumiza, anapita.

Patangotha mphindi ngati 20 ndinangomva chibakera pa kauntala.

“Iwe! Wakuba iwe! Bweza ndalama zanga!”

Pamzere panali anthu anayi, ndipo anyamata a kabaza anayamba kusendera. Bambo aja anapitiriza: “Umavala hijabu kuti tiziti ndiwe munthu wopemphera, chonsecho ukubera anthu masana dzuwa likuswa mtengo!”

Abale anga, mawu oti wakuba anandiwawa, koma a hijabu aja anandilasa penipeni. Manja anayamba kunjenjemera, kukhosi kunauma, ndipo pakamwa panali patafika kale yankho loti bambo amenewo akanakalikumbukira mpaka kwawo. Ndinayang'ana m'buku, munali molemba bwinobwino K45,000 ndi dzanja langa. Mumtima ndinati ine sindinalakwe, lero aona.

Chimene chinandigwira ndi Hadith yomwe Shehe wathu anatiphunzitsa ku madrasa, yochokera kwa Abu Huraira (Radhiyallahu anhu) ndipo ili mu Bukhari ndi Muslim. Munthu wina anabwera kudzaitanitsa ngongole ya ngamira kwa Mtumiki (Swallallahu alaihi wasallam), ndipo anayankhula mwaukali mpaka Maswahaba anafuna kumukonza. Mtumiki anawaletsa, nawafotokozera kuti munthu amene ali ndi chake chimene akufuna amakhala ndi danga loyankhula. Kenako analamula kuti amubwezere ngamira. Atasowa yofanana msinkhu ndi yomwe anakongola, anati amupatse yoposa ija.

Taonani zimene zinachitika pamenepo. Mtumiki sanayamikire mayankhulidwe a munthu uja, koma sanalolenso kuti ukali wake ukhale chifukwa chomumana chake. Anasiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ife timazisakaniza tikapsa mtima: dandaulo la munthu, ndi m'mene walibweretsera. Kasitomala wolusa amabwera atamanga ziwirizi m'phukusi limodzi. Ntchito yathu ndi kumasula phukusilo, dandaulo tilifufuze mpaka mapeto, chipongwecho tichisiye pa kauntala pomwepo.

Ndiye ndinachita izi. Choyamba ndinakhala pansi pa situlu, chifukwa ndinali nditadzuka kale osazindikira. Mu Hadith ya Abu Dharr yomwe ili mu Abu Dawud, wokwiya ali chiimire akulangizidwa kuti akhale pansi. Ndinanena chamumtima A'udhu billahi minash-shaitwanir-rajim, mawu omwe Mtumiki ananena kuti akanachotsa mkwiyo wa munthu wina yemwe anafiira nkhope pokangana ndi mnzake. Sindinawanene mokweza dala, chifukwa ukawanena moyang'ana munthu m'maso amamva ngati ukumutchula iyeyo kuti ndi Satana, ndiye wathira palafini pamoto.

Chachiwiri, ndinawasiya amalize. Munthu amene akukalipa samva, ndipo ukamudula amayambiranso pachiyambi. Atapuma kuti akoke mpweya ndi pomwe ndinalowa, ndi mawu otsika kuposa awo.

“Bambo, ndamva. Ndalama zanu sizitayika ndili pano. Mayi alandira zingati?”

“Folo sauzande faifi handiredi! Ine ndakupatsa fote faifi!”

Funso limenelo linasintha nkhani. Tinachoka pa zoti ine ndine munthu wotani, tinafika pa manambala, ndipo manambala amatheka kuwafufuza. Munthu akakunenani kuti ndinu wakuba simungamutsimikizire pakamwa kuti sindinu. Koma K4,500 ndi K45,000 mutha kuziyang'ana nonse awiri.

Chachitatu, ndinasiya buku nkutsegula uthenga wotsimikizira pa foni ya ejenti. Buku limasunga zomwe ine ndimaganiza kuti ndachita, pamene uthenga umasunga zomwe zachitikadi: nambala yolandira, ndalama, nthawi, ndi fuloti yomwe yatsala. Uthenga unati 4,500. Ndinasiya ziro mmodzi. Dzina ndinawawerengera, koma kuchuluka kwa ndalama sindinawawerengere ndisanaike PIN, chifukwa ndimathamangira mzere.

Subhanallah. Bambo amene amanditukwana aja anali ndi K40,500 yawo m'kabati mwanga.

Ndinawatembenuzira foni kuti aone okha. “Bambo, mukunena zoona. Ndalakwitsa ndine, ndatumiza K4,500 m'malo mwa K45,000. Pepani kwambiri. Yotsala ndi K40,500, ndikutumiza pano mukuona.” Ndinawerenga mokweza nambala, dzina ndi ndalama, ndinatumiza, nkuwapempha kuti aimbire mayi aja asanachoke. Mayi anatsimikiza kuti zalowa.

Taganizani ndikanawabwezera mawu aja. Anyamata a kabaza akanandiikira kumbuyo poti amandidziwa, bambo aja akanathamangitsidwa, mwana kuchipatala osagulidwa mankhwala, ine madzulo powerengera nkupeza K40,500 yoonjezera yopanda mwini. Ndikanapambana mkangano ndili ndi haramu m'kabati. Chiyambire tsiku limenelo ndimaopa mkwiyo wanga kuposa wa kasitomala, chifukwa ukakwiya umasiya kufufuza.

Koma nkhani siinathere pa kupepesa, ndipo apa ndi pomwe ambiri timasokoneza swabr ndi kudzipeputsa. Ndalama zitalowa ndinawauza, mawu anga ali otsikabe: “Bambo, kulakwitsa kuja ndavomera ndipo ndakonza. Koma ine sindine wakuba, ndipo hijabu yangayi sinalakwe kanthu. Tsiku lina chikavuta mudzangondiuza, ndidzakuthandizani popanda mawu amene aja.”

Sanapepese. Anangong'ung'udza nkumapita. Ndipo sindinawauze zimenezo kuti apepese ayi. Ndinawauza kuti malire adziwike, kwa iwo, kwa anthu omwe anali pamzere, ndi kwa ine mwini. Onaninso nthawi yake: ndinayamba ndawapatsa chawo. Ndikanayamba ndi za ulemu wanga ndalama zawo zili kwa ine, zikanamveka ngati ndikuzemba.

Chisilamu sichinatiuze kuti tizimwetulira chipongwe chilichonse. Mu Surah An-Nisa, ndime 148, Allah akutiuza kuti sakonda kutulutsa mawu oipa poyera, koma akupatula munthu amene waponderezedwa. Mu Surah Ash-Shura, ndime 41, wodziteteza pambuyo pochitiridwa zoipa alibe mlandu, ndipo ndime 43 ikuyamikira wopirira ndi kukhululuka. Choncho kunena kuti “musandiyankhule choncho” ndi zololedwa. Chomwe tikupewa ndi kubweza chitukwano, kutchula makolo a munthu, mtundu wake kapena chipembedzo chake.

Tsono si kasitomala aliyense wolusa amene ali ndi chake. Sabata yomweyo kunabwera mnyamata wina akuti watapa K30,000, akundionetsa uthenga pa foni yake, koma pa foni yanga palibe chomwe chalowa ndipo fuloti sinasunthe. Anayamba kukuwa kuti ndikumuchedwetsa basi, ndine mbuli, sindidziwa ntchito. Njira inali yomweyo: kukhala pansi, kumusiya amalize, kufufuza. Koma yankho linali losiyana. “Achimwene, kwa ine sizinalowe, ndiye sindingapereke ndalama. Tiyeni tiimbire limodzi ku kampani, zikatsimikizika ndikupatsani pompano.” Anakuwanso, ine ndinabwereza mawu omwewo osaonjezera. Nditangoyamba kuimba anachoka, sanabwerenso. Sindikumuweruza, Allah ndi amene akudziwa. Koma dziwani kuti ena amagwiritsa ntchito phokoso kuti muchite manyazi ndi mzere, mudumphe kufufuza. Ndalama za m'kabati ndi amana ya abwana anu. Kuzipereka kuti munthu asiye kukuwa si kufatsa, ndi kutaya amana.

Palinso pomwe muyenera kusiyiratu kuthandiza munthu. Akayamba kuopseza kuti akumenyani, akalowetsa dzanja kuti akugwireni kapena atenge foni, kapena kwa ife alongo akayamba kunena za thupi lanu, pamenepo palibenso dandaulo loti mumasule. Tsekani kabati, bwererani m'mbuyo, itanani abwana kapena oyandikana nawo, ndipo zikakula kanenani ku polisi. Nkhani imeneyi mukambirane ndi abwana anu tsiku loyamba ntchito, kuti mudziwe woti mumuimbire, komanso kuti simudzadzudzulidwa chifukwa chokana munthu wotere.

Chomaliza ndi zimene zimatsala mumtima munthu atapita. Tsiku la bambo aja manja anali akunjenjemerabe, ndipo ndinadziwa kuti ndikapitiriza choncho ndilakwitsanso ziro wina. Ndinathandiza anthu omwe anali pamzere pang'onopang'ono, nkutseka kawindo mphindi zochepa, ndinakachita wudhu, nthawi ya Asr itakwana ndinaswali. Madzulo ndinawauza amalume zonse, ndi kulakwitsa kwanga komwe, asanazimve kwa a kabaza. Chiyeso china chinali choti ndilembe pa sitetasi mofotokoza bambo aja kuti anzanga andipepese. Ndinadzifunsa kuti kodi ndikufuna thandizo kapena ndikufuna anthu awatukwane m'malo mwanga? Ndinasiya. Ngakhale pano sindinakuuzeni chilichonse chowazindikiritsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga mokweza zinthu zitatu ndisanaike PIN: nambala, dzina ndi ndalama, ngakhale mzere utalike bwanji. Ndipo munthu akabwera akukuwa, funso loyamba mumtima mwanga limakhala lakuti: kodi pali chake chomwe chili kwa ine? Ngati chilipo ndimupatse chonse, msanga, ndi kupepesa. Ngati palibe ndikane mwaulemu osasunthika. Konse kuwiri, chipongwe chake ndi katundu wake, sindimulandira.

Allah atipatse swabr pa ntchito zathu, atiteteze ku kudya za eni, asunge malilime athu pa nthawi ya mkwiyo, ndipo adalitse rizki lathu likhale la halali. Amuchiritse mwana uja, ndipo atikhululukire ine ndi bambo ake. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.