Mawu Amene Mwini Wake Sitingamufunsenso

Wolemba akatiuza kuti mfundo yakuti waipeza m'buku lakuti, pa tsamba lakuti, amakhala watilozera njira. Wokayika atha kunyamuka, kukalipeza bukulo ndi kudziwerengera yekha. Koma wolemba akati, "Izi anandiuza agogo ena ku Chiradzulu," kapena "Izi adanena aphunzitsi athu m'kalasi," palibe njira imene watilozera. Agogowo mwina adatsikira kuli chete, ndipo mawu a m'kalasi adauluka ndi mphepo ya tsiku lomwelo. Chatsala ndi mawu a wolembayo basi. Nanga munthu amene akutipempha kuti timukhulupirire pa chinthu chimene sitingathe kuchitsimikiza, ali ndi ngongole yanji kwa ife?

Tiyeni titengere chitsanzo pa nkhani imene ambiri timaidziwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe adaukira azungu a m'minda ndi boma la atsamunda, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe adaphedwa. Anthu ambiri lero amakamba za mawu amene iye adalankhula kwa omutsatira asananyamuke ku Mbombwe, akuti powauza kuti sakuyembekeza kugonjetsa azungu, koma kuti amenye kamodzi kenaka afe, kuti dziko lidziwe kuwawidwa mtima kwawo. Mawuwa amamveka m'makalasi ndi m'misonkhano ngati kuti wina adawalemba Chilembwe ali chilankhulire. Komatu sizili choncho.

Amene adawalemba ndi George Simeon Mwase, yemwe pa msonkhanowo panalibe. Mwase adali kalaliki, ndipo adamangidwa mu 1931. Ali m'ndende ku Zomba adakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu a Chilembwe, amene adali mkaidi chifukwa cha kuukirako. Zambiri zimene Mwase adalemba zokhudza masiku otsiriza a Chilembwe zidachokera m'macheza amenewa. Zolembazo zidakhala zaka zambiri osasindikizidwa, mpaka Robert Rotberg adazitulutsa mu 1967 m'buku lotchedwa Strike a Blow and Die.

Taonani mmene mawuwa adayendera. Adatuluka pakamwa pa Chilembwe mu 1915. Adagona m'mutu mwa Kampingo zaka 16, zambiri mwa izo ali m'ndende. Adalowa m'khutu mwa Mwase, yemwe adawalemba m'Chingerezi chakechake, ndi maganizo akeake pa za ufulu wa anthu akuda. Kenaka adadutsa m'manja mwa mkonzi wa ku Amereka. Pa sitepe iliyonse mawu atha kutaya kanthu kapena kutola kanthu, popanda munthu wonama ngakhale mmodzi. Munthu wakhala m'ndende zaka zonsezo amafuna kuti kuzunzika kwake kukhale ndi tanthauzo, ndipo wolemba waluso amasalaza chiganizo kuti chikome. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri sagwirizana: ena amawatenga mawuwa ngati umboni wakuti Chilembwe adasankha kufera anthu ake, pomwe ena amati tikumva kwambiri liwu la Mwase kuposa la Chilembwe.

Tsono yerekezani ndi kalata imene Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafa pa nkhondo ya azungu. Kalatayo idasungika, ndipo George Shepperson ndi Thomas Price adaiika m'buku lawo la Independent African mu 1958. Anthu awiri akatsutsana pa kalatayi, amatsegula buku. Akatsutsana pa mawu a ku Mbombwe aja, alibe kolowera, chifukwa Chilembwe, Kampingo ndi Mwase onse adapita.

Munthu wina anganene kuti, "Ngati zili choncho, tingosiyiratu kutchula zakumva. Tilembe zokhazo zimene zili pa pepala." Maganizowa amaoneka aukhondo, koma ndi oopsa. Pepala la 1915 lidali m'manja mwa ndani? Malipoti a mabwanamkubwa, zigamulo za makhoti ndi nkhani za m'nyuzipepala zidalembedwa ndi mbali imene idapambana. Tikataya Kampingo chifukwa sitingamufunsenso, ndiye kuti mlandu wa Chilembwe tausiya kuti aufotokoze okhawo amene adamupha. N'chimodzimodzi ndi mbiri ya mafumu, mayina a mitengo ya mankhwala, kayimbidwe ka nyimbo za pamtondo. Zambiri mwa izi sizidalembedwe, ndipo wozifuna amayenera kukhala pamphasa ndi kufunsa. Choncho zakumva tizitchula ndithu. Chofunika kukambirana ndi katchulidwe kake, kuti wowerenga asapusitsidwe.

Ine ndikuona kuti yankho lagona pa kuzindikira kuti wolemba wotere wasintha udindo. Potchula buku amakhala wolozera njira. Potchula macheza amakhala mboni. Ndipo tonse tikudziwa zimene mboni imafunsidwa pabwalo la amfumu. Nduna sizikhutira ndi mawu akuti "anthu akunena." Zimafunsa kuti: wakuuza ndani? Liti? Kuti? Iyeyo adaona ndi maso kapena naye adangomva? Pali chibale kapena chidani pakati pa iye ndi woimbidwa mlandu? Wowerenga sangatiimitse n'kutifunsa mafunso amenewa, choncho chilungamo chimafuna kuti tiwayankhe tisanafunsidwe.

Malamulo a kalembedwe ka kusukulu zaukachenjede adazindikira mbali ina ya izi. M'kalembedwe ka APA, macheza, kalata ya kwa iwe mwini kapena phunziro losajambulidwa zimatchulidwa mkati mwa nkhani mokha: dzina la wolankhula, mawu osonyeza kuti zidali za pakamwa kapena za pakati pa awiri, ndi tsiku lenileni. Sizilowa pa mndandanda wa mabuku wa kumapeto, chifukwa mndandandawo ndi lonjezo lakuti chilichonse chili pamenepo wowerenga atha kukachipeza. Kuikapo macheza ndi kulonjeza njira imene kulibe. Kope lachisanu ndi chiwiri la malamulowa, lotuluka mu 2019, lidawonjeza kuti potchula nzeru za makolo zopatsirana pakamwa, wolemba atchulenso mtundu wa munthuyo ndi dera lake. Koma malamulo amenewa amangotiuza poika dzina ndi tsiku. Satiuza zonse zimene mboni yoona iyenera kuulula.

Tiyerekeze kuti mwana wasukulu wacheza ndi mayi wina wachikulire za njala ya 1949. Atha kulemba kuti, "Akuluakulu amanena kuti m'mudzimo mudafa anthu ambiri." Chiganizochi chabisa zonse. Munthu mmodzi wasanduka "akuluakulu," ndipo sitikudziwa ngati mayiyo adaliko. Atha kulembanso motere: "Mayi Auje, amene ndidacheza nawo pakhomo pawo pa tsiku lakuti, adali ndi zaka zisanu ndi chimodzi nthawi ya njalayo. Iwo amakumbukira okha kudya mizu. Za chiwerengero cha omwalira adamva kwa amayi awo. Tidalankhula m'Chilomwe, mdzukulu wawo akutanthauzira, ndipo ndidalemba m'kope madzulo a tsiku lomwelo." Wowerenga sangawapezebe mayiwo, koma tsopano ali ndi sikelo. Akudziwa kuti za mizu ndi zoona ndi maso, za imfa ndi zakumva kawiri, ndipo mawu onse adadutsa mwa wotanthauzira.

Chichewa chathu chili nazo kale zida za ntchito imeneyi. "Ndidaona," "adandiuza," ndi "akuti" ndi masitepe atatu osiyana, ndipo mwana aliyense wa m'mudzi amadziwa kuti wonena "akuti" sakuikapo khosi lake. Tchimo la wolemba limayamba pamene afufuta "akuti" chifukwa chiganizo chikumveka champhamvu popanda iye. Tchimo lachiwiri ndi la zizindikiro zotsekera mawu. Zizindikiro zimenezi zimalumbira kuti awa ndi mawu enieni a munthuyo. Ngati sitidajambule kapena kulemba pomwepo, tilibe ufulu wolumbira chotere. Tinene tanthauzo m'mawu athu, ndipo tivomere kuti ndi athu.

Za m'kalasi zili ndi msampha wakewake. Kawirikawiri mphunzitsi akatchula chaka kapena chiwerengero, naye adachiwerenga penapake. Wophunzira wolemba kuti "monga adanenera aphunzitsi" wasankha njira yaulesi, ndipo wasenzetsa aphunzitsiwo cholakwa chimene mwina chidachitika m'kope lake pomwe ankalemba mothamanga. Choyenera ndi kubwerera kwa iwo n'kufunsa kuti, "Kodi zija munanena zija ndingakaziwerenge kuti?" Buku likapezeka, titchule bukulo. Mawu a pakamwa tiwasungire zokhazo zimene kwina kulikonse kulibe, monga maganizo a mphunzitsiyo mwini kapena zimene adaziona yekha.

Palinso ngongole kwa wolankhulayo. Munthu amene wakuuza kanthu mukudya nsima sanadziwe kuti akulankhula ndi dziko lonse. Kumutchula osamupempha ndi kumuika pabwalo iye osaitanidwa. Amene adakhala m'Malawi muno nthawi ya chipani chimodzi, isanafike riferendamu ya 1993, akudziwa kuti dzina lolembedwa pafupi ndi mawu olakwika linkatha kumutsekeretsa munthu. Lero zoopsa zake ndi zina: kuchotsedwa ntchito, kudana ndi abale, kunenedwa kuti waulula za kudambwe. Apa ngongole ziwiri zimakokana, pakuti wowerenga akufuna dzina pomwe wolankhula akufuna chitetezo. Pamenepa dzina libisike, koma wowerenga auzidwe kuti labisidwa dala, ndipo apatsidwe zina zonse zomuthandiza kuyeza: kuti munthuyo adali ndani pa nkhaniyo, ndipo adadziwa bwanji. Komabe tivomereze kuti umboni wopanda dzina ndi wopepuka. Sungasenze wokha mlandu waukulu, makamaka woipitsa mbiri ya munthu wina.

Womwalira ndiye amafuna kusamala koposa, chifukwa sangadzuke n'kunena kuti, "Ine sindidatero." Pali chizindikiro chimodzi chimene chiyenera kutichenjeza: mawu a malemu akamagwirizana ndendende ndi zimene wolemba akufuna kutsimikiza, akamatuluka osalala ngati ndakatulo, ndiponso pomwe wina aliyense sadawamve. Izi sizitanthauza kuti ndi abodza, koma wolemba woona amayamba wadzikayikira yekha, n'kufufuza munthu wachiwiri amene adalipo, kapena pepala limene lingagwirizane nawo. Ndipo pomwe foni ya m'manja imatha kujambula mawu, wocheza ndi nkhalamba apemphe chilolezo, ajambule, n'kukasiya mawuwo kosungira zakale monga ku Zomba kapena ku laibulale ya sukulu yake. Akatero, mawu aja atha kumvedwanso ndi wina aliyense.

Tibwerere kwa Mwase. Chimene chimapatsa zolemba zake mtengo mpaka lero n'chakuti tikudziwa kumene nkhaniyo idachokera. Dzina la Kampingo, ndende ya Zomba ndi zaka 16 zija ndizo zimatilola kutsutsana mwanzeru za kulemera kwa mawuwo. Zikadatayika, tikadangotsala ndi kusankha pakati pa kumeza zonse ndi kulavula zonse. Choncho ife obwereza mawu a ku Mbombwe m'kalasi kapena m'buku, tisamati "Chilembwe adati." Tiziti, "Mwase adalemba kuti Kampingo adamuuza kuti Chilembwe adati." Chiganizocho n'chachitali, ndipo pamsonkhano sichiombetsa m'manja, koma ndicho chimene tingachiikire umboni.